Kotesheni Zitatu, Nchito Imodzi: Lembani Pepala Musanaitane wa Malaiti

Kucokela pa cilala ca mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo Zesco inayamba kuzima malaiti maola ambili pa tsiku, nkhani ya invata na batili siikutha m'maminibasi. Dandaulo imene nimamva kawili-kawili ni yakuti mitengo ya amisili isiyana maningi. Uyu akamba K18,000, wina K27,000, wacitatu K35,000, koma nyumba ni imodzi-modzi. Ambili amathamangila kukamba kuti wodula ni kawalala. Ine niona kuti nthawi zambili vuto imayambila pa ife eni nyumba, cifukwa timangouza mmisili kuti "nifuna malaiti azikhalako akazima." Aliyense amamva zake, ndipo amaika mtengo pa nchito yosiyana na ya mnzake.

Mankhwala ake ni pepala limodzi, lolembedwa na imwe, limene mupatsa onse atatu mofanana.

Coyamba pa pepalalo, lembani zinthu zimene mufuna kuti ziziyaka, komanso kwa maola angati. Tiyeni titenge nyumba ya mababu khumi a mawati 10 lililonse, TV ya mawati 100, filiji ya mawati 150, na rauta pamodzi na mafoni mawati 50. Zonse pamodzi ni mawati 400. Ngati mufuna maola 8, ndiye kuti mufunika 3.2 kWh. Lembaninso zimene simufuna pa invata: sitovu, giza na nsimbi. Giza yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposa, conco mmisili amene aganiza kuti giza ilimo adzakulembelani invata ikulu na batili zambili, ndipo kotesheni yake idzaoneka yodula popanda mlandu.

Caciŵili ni batili, ndipo apa m'pamene ambili amagwa. Mmisili woyamba angalembe batili ziŵili za jelo, iliyonse 12V 200Ah. Pa pepala ni 4.8 kWh. Wina angalembe batili imodzi ya lifiyamu ya 5 kWh. Manambala aoneka ngati alingana, koma batili ya jelo siifuna kutsitsidwa kupitilila theka ngati mufuna kuti ikhalitse. Ndiye kuti yogwilitsa nchito ni 2.4 kWh cabe, yosakwana maola 8 aja. Ya lifiyamu mungaseŵenzetse pafupi-fupi yonse. Conco pa pepala lanu pemphani kuti aliyense alembe mtundu wa batili, dzina la kampani yoipanga, kukula kwake na zaka za galanti. Citani cimodzi-modzi pa invata. Mau akuti "invata imodzi na batili" si kotesheni.

Cacitatu ni nchito ya mawaya. Kuti sitovu na giza zisakoke pa batili, mawaya a mababu na masoketi osankhidwa afunika kupatulidwa pa DB, nthawi zina na kabokosi kena ka mabuleka. Pafunikanso swichi yosinthila pakati pa Zesco na invata, kuti invata ikafa mubwelele ku Zesco popanda kuitana munthu, komanso buleka kapena fyuzi pakati pa batili na invata. Wochipa kaŵili-kaŵili amakhala kuti wasiya zimenezi. Mudzadziŵa mocedwa, tsiku limene mwana wayatsa ketulo ndiye nyumba yonse yathima. Lembaninso ngati mawaya adzapita m'tumipaipi twa pulasitiki pamwamba pa cipupa kapena adzakumba cipupa, ndipo akakumba, ndani adzamata na kupenta.

Pothela pake pemphani kuti mtengo ugaŵidwe: katundu payekha, cinthu ciliconse na mtengo wake, ndiye leba payokha, na thilansipoti payokha. Mukatelo mungapite ku Kamwala kapena m'tauni kukafunsa mtengo wa invata imeneyo mweka. Lembani masiku a nchito, ndalama yoyambila, na yotsala imene mudzalipila pambuyo poyesa. Kuyesa kwake n'kosavuta: muzime meni swichi ya Zesco, muone kuti zonse zimene munalemba zayaka ndipo sitovu na giza zili zii.

Amisili ena amadandaula kuti pepala lotele limawamanga manja, pakuti iwo ndiwo adziŵa nchito. Ali na mfundo, cifukwa mwini nyumba angalembe cinthu cosayenela. Ndiye siyani mpata pansi pa pepala wakuti amene aona njila ina ailembe payokha na mtengo wake, koma ayambe wayankha zimene mwafunsa. Ngati mmodzi wakuuzani cinthu cofunika cimene munasiya, cionjezeni ndipo mutumize pepala latsopano kwa onse atatu.

Mitengo idzasiyanabe, koma manje mudzaona posiyana pake, mzele na mzele. Ndipo amene wakana kulemba, n'kumangokamba kuti "bwana, osadandaula, tizapanga," mucotseni pa mndandanda musanatulutse ngwee.