MALIPIRO AWERENGEDWE M'MATUMBA A UFA

Abale ndi alongo othyola tiyi m'chigwa cha Honde ndi ku Chipinge, inu a ku Aberfoyle, a ku Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Southdown, tamverani. Kapitawo akalengeza pa mzere kuti malipiro akwera, musafulumire kuwomba m'manja. Yambani mwapita ku sitolo mukafunse mtengo wa ufa.

Malipiro alipo mitundu iwiri. Alipo olembedwa pa pepala, ndiwo nambala imene kalaliki amakuwerengerani pakutha pa mwezi. Alipo enanso enieni, ndiwo ufa, sopo, mchere, mafuta ndi fizi ya mwana zimene ndalamayo igula. Oyambawo angathe kukwera pamene achiwiriwa alikutsika, ndipo m'dziko muno zatero kangapo ife tikuona.

Makolo a ena a ife anachoka ku Nyasaland pa nthawi ya Chitaganya, chimene chinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, nadza kuno ndi Mthandizi kudzagwira ntchito m'minda ya Azungu. Chitaganya chinalonjeza chuma kwa onse, koma chumacho chinakaunjikana ku Salisbury. Makolowo sanaphunzire kwambiri, komatu chinthu chimodzi anachidziwa. Munthu akamafunsa za ntchito sanali kufunsa masheleni okha, anali kufunsanso kuti phoso ndi lochuluka bwanji, ufa ungati pa sabata, nyemba ndi mchere zilipo kodi. Ife ana awo tinazolowera kuyang'ana nambala yokha, ndipo ndi pomwepo tagwera.

Za 2008 sitinenapo zambiri, pakuti palibe anaziiwala. Boma lomwe linavomera kuti pofika Julayi chaka chimenecho mitengo inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka, ndipo mu Janyuwale 2009 inatuluka ndalama ya pepala ya madola 100 thiriliyoni. Tonse tinali eni mabiliyoni, tonse tinagona ndi njala. Koma zimenezo zinali zoonekera ngakhale kwa mwana. Zoopsa ndi zimene zimadza mwakachetechete, monga za 2019 ndi 2020.

Kuyambira 2009 tinali kulandira madola a ku Amereka. Mu Febuluwale 2019 boma linabweretsa dola ya kuno yotchedwa RTGS, ndipo malipiro ndi ndalama za m'banki zinasandulika kukhala za mtundu umenewo, dola imodzi pa dola imodzi. Pa pepala palibe chinachoka. Koma pofika Julayi 2020 mitengo inali itakwera ndi maperesenti 837 pa chaka chimodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimene chinagulidwa ndi dola imodzi mu Julayi 2019 chinafuna madola 9 ndi masenti 37 mu Julayi 2020.

Tiyeni tichite samu ndi manambala ongoyerekeza, kuti ikhale yosavuta. Mayi wothyola tiyi alandira madola 100 pa mwezi, ndipo thumba la ufa ligulidwa madola 5. Malipiro ake enieni ndi matumba 20. Chaka chitha, bungwe lakangana ndi mabwana, ndipo malipiro afika pa madola 300. Awa ndi malipiro ochulukitsidwa katatu, ndipo ndani sangasekere? Koma ngati ufa wakwera monga zinakwerera zinthu zina, thumba lija tsopano lili pa madola 47. Gawani 300 ndi 47, mupeza matumba 6 ndi kachenji pang'ono. Mayi uja wawonjezeredwa madola 200, koma walandidwa pafupifupi matumba 14. Kuti angokhala pamene anali, osapita patsogolo ngakhale phazi limodzi, anayenera kulandira madola 940.

Nanga matumba 14 aja apita kuti? Sanawulukire kumwamba. Tiyi wambiri wa m'mapiri muno amagulitsidwa kunja, ndipo ogula amalipira madola a ku Amereka. Mwini munda akalandira ndalama yosafooka nalipira antchito ndi ndalama yofooka, ntchito yathu imamutsikira mtengo mwezi ndi mwezi popanda iye kudula malipiro a munthu. Kilogalamu ya masamba ikhala yomweyo, mtanga ulemera chimodzimodzi pa msana, mvula ya Janyuwale itinyowetsa chimodzimodzi. Tisanamizane, mabwana nawo ali ndi zolira. Feteleza ndi dizilo zimafuna ndalama yakunja, ndipo Banki Yaikulu yakhala ikulamula ogulitsa katundu kunja kuti asinthitse gawo lina la madola awo ndi ndalama ya kuno. Choncho gawo lina la matumba aja lapita ku boma. Koma pa anthu atatuwa, boma, bwana ndi wothyola, ndi wothyola yekha amene alibe wina wom'kankhira katunduyo.

Palinso msampha wa nthawi, ndipo uwu ife a bungwe tiyenera kuvomera kuti watikola kawirikawiri. Malipiro a m'minda amakambidwa ku khonsolo ya ntchito za ulimi, kumene GAPWUZ ndi mabungwe ena a antchito amakhala pansi ndi olemba ntchito. Zokambiranazo zimatenga masabata, mwina miyezi, pamene mwini sitolo amasintha mtengo m'mawa umodzi ndi choko. Maperesenti 837 pa chaka ndi monga maperesenti 20 mwezi uliwonse. Tsono mabwana akati, "Musade nkhawa, zotsalira za miyezi itatu tidzakupatsani zonse pamodzi," dziwani kuti madola 100 ochedwa miyezi itatu agula zimene madola 58 akanagula pa nthawi yake. Amene achedwetsa pangano apindula ndi kuchedwako, ndipo sakhala wothyola.

Wina ati, zimenezo zinapita, tsopano kuli ndalama yatsopano. Ndalama ya ZiG inayamba mu Epulo 2024, dola imodzi ya ku Amereka ili pa 13.56. Pa 27 Sepitembala chaka chomwecho Banki Yaikulu inaigwetsa tsiku limodzi, kuchoka pafupi ndi 14 kufika pafupi ndi 24. Munthu amene anagona ndi ZiG 1,400, zofanana ndi madola 100, anadzuka ali ndi madola 58. Akanam'wonjezera maperesenti 30, akanalandira 1,820, ndiwo madola 76 okha. Nyuzipepala ikanalemba kuti antchito awonjezeredwa.

Chenjeraninso pamene bwana afuna kuchotsa phoso, nkhuni kapena chithandizo cha ku kiliniki ndi kuika ndalama m'malo mwake. Makilogalamu 10 a ufa akhala makilogalamu 10 chaka chamawa, koma ndalama yoikidwa m'malo mwake ingathe kusungunuka isanafike Khirisimasi.

Chifukwa chake tipempha nthambi iliyonse ya bungwe igule kope. Tsiku la malipiro, anthu awiri apite ku sitolo imene antchito amagulako ndithu, ya pa munda kapena ya ku Hauna kapena ya m'tauni ya Chipinge, osati ya ku Harare, alembe mtengo wa ufa, mafuta ophikira, sopo, shuga, mchere ndi basi yopita ku chipatala. Zinthu zikhale zomwezo mwezi uliwonse, pa muyeso womwewo, pakuti sopo akachepa msinkhu mtengo uli womwewo, wakwera ameneyo. Aphatikize zonse, agawe malipiro a wothyola ndi chiwerengerocho. Yankho likatsika kuyerekeza ndi mwezi watha, malipiro atsika, kaya pepala linena chiyani.

Ndipo nthumwi zathu zikapita kokambirana zitenge makope amenewa, zikafunse zinthu zitatu: kuti malipiro ndi mtengo wa kilogalamu yoposa tikiti zilembedwe m'ndalama imene tiyi amagulitsidwira, kuti mitengo ya m'kope ikakwera kupitirira maperesenti 10 malipiro atsatire mwezi womwewo popanda kudikira msonkhano wina, ndi kuti zotsalira zilipidwe pa mtengo wa tsiku lolipira.