Mitengo iwiri ya golide: mpata wapakatiwo mumalipira ndinu

Mukatsegula XAU/USD pafoni, mumaona mitengo iwiri. Bid ndi mtengo umene wamalonda akugulireni golide, Ask ndi umene akugulitseni. Tiyerekeze kuti Bid ndi $2,000.00 ndipo Ask ndi $2,000.50 pa aunsi. Mukagula n'kugulitsa pompo, masenti 50 apita, pomwe mtengo sunasunthe n'komwe.

Ine ndimati mpata umenewu ndi malipiro a mantha. Wamalonda akakugulani, golideyo amakhala m'manja mwake mpaka apeze womugula. Ogula akachuluka, amamutulutsa msanga, ndiye masenti ochepa amamukwanira. Akachepa, kapena mtengo ukamalumphalumpha, golide uja atha kugwa asanamugulitse. Ndiye amatsitsa Bid, n'kukweza Ask.

Zinaoneka poyera mu Malichi 2020. Kovidi itavuta, mafakitale akuluakulu atatu oyenga golide ku Ticino, m'dziko la Switzerland, anatseka, ndipo ndege zambiri zonyamula anthu, zomwe zimanyamulanso golide, zinaima. Amalonda a ku London amadziteteza ndi makontirakiti a ku New York, koma kusamutsa golide kutavuta, mitengo ya misika iwiriyi inasiyana ndi madola makumi angapo pa aunsi. Chitetezo chitasokonekera, mpata wa Bid ndi Ask unakula kwambiri.

Tsono musanadine kugula, chotsani Bid pa Ask. Ngati mpata wafika $5 pomwe mukuyembekezera phindu la $4, mwaluza kale. Chenjeraninso msika wa New York ukangotseka, wa ku Asia usanatenthe.