Kompyuta imodzi ikamatsimphina, musathamangire kwa mmisiri

Pafupifupi msika uliwonse wa m'tauni, kaya ndi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, uli ndi kashopu kotayipa makalata, kujambula ziphaso ndi kutumiza mafomu pa intaneti. Ena mwa inu awerengi ndinu eni ake a timashopu totere, ena mumangopitako kukalembetsa malisiti a geni. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri m'malo amenewa ndi lakuti pa makompyuta anayi, atatu akuthamanga bwinobwino koma imodzi ikuyenda ngati nanzikambe. Kasitomala wakhala mphindi 10 kudikira tsamba limodzi, kenako wanyamuka kupita kwa mnzanu wa pakhomo lina.

Zikatere ndalama zimatayika pawiri. Ena amathamangira kugula bandulo yaikulu, ati netiweki yachepa mphamvu. Ena amanyamula kompyuta ija ulendo kwa mmisiri, yemwe asanaitsekule n'komwe wanena kale kuti "yalowa vayirasi, tifufute zonse." Mpamba wapita, vuto lili pomwepo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye tiyeni tidekhe.

Ganizirani za mipope ya madzi pa mdadada wa nyumba zalendi. Nyumba zitatu madzi akutuluka mwamphamvu, nyumba yachinayi akungodontha. Palibe munthu wanzeru angapite kukakalipira a Bodi ya Madzi, chifukwa paipi yaikulu yomwe ikudyetsa nyumba zonse ili bwino. Komanso sitinganene msanga kuti waonongeka ndi mpope wa m'nyumbamo. Mwina mpopewo ulibe mlandu, yatsekeka ndi kapaipi kakang'ono kochoka pa paipi yaikulu kulowa m'nyumba imeneyo.

Makompyuta ndi chimodzimodzi. Pali malo atatu omwe vuto lingabisale. Oyamba ndi kompyuta yeniyeniyo. Achiwiri ndi njira yakeyake yokafika pa rauta, kabokosi kaja kogawa intaneti, kaya njirayo ndi nthambo kapena wayifayi. Achitatu ndi njira ya onse, yochoka pa rauta kupita ku kampani yomwe mumagulako bandulo. Makompyuta ena akamayenda bwino, ndiye kuti njira yachitatuyi yapezeka yosalakwa, basi. Bandulo musagule. Koma oganiziridwa atsala awiri, ndipo ambiri amaiwala wachiwiri uja.

Musanayambe kuweruza, tsimikizani kaye kuti enawo akuthamangadi. Tsekulani tsamba limodzi lomwelo pa makompyuta onse, nthawi imodzi. Nthawi zina kompyuta yonenedwayo imakhala kuti ndi yokhayo imene ikutumiza mafomu ku tsamba lomwe ladzaza ndi anthu, pamene zinazo zikungotayipa makalata.

Tiyerekeze kuti shopu yanu ili mu kontena, makompyuta anayi onse alumikizidwa ku rauta ndi nthambo, ndipo yotsimphina ndi ya pafupi ndi chitseko.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi ikuchedwa pa chilichonse, kapena pa za intaneti zokha? Zulani nthambo yake ya netiweki, kenako tsekulani kalata yomwe inasungidwa m'kompyuta momwemo, mutayipeko mizere ingapo, mutsekulenso chithunzi. Ngati ikuchedwabe ilibe intaneti, netiweki ituluke m'bwalo la milandu, wodwala ndi kompyutayo.

Kuti mudziwe chomwe ikudwala, bwezerani nthambo ija, ndipo ngati ndi ya Windows dinani mabatani atatu awa nthawi imodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Patuluka Task Manager. Pamwamba pake muona mawu akuti CPU, Memory, Disk ndi Network, aliwonse ali ndi nambala yosonyeza kuti mbali imeneyo yalemedwa motani pa 100. Pa CPU ndi pa ubongo wa makinawo, pa Memory ndi pa thebulo lomwe amayalapo ntchito yomwe akugwira, pa Disk ndi pa nkhokwe yosungira zinthu.

Mukaona Disk yakakamira pa 100 kwa mphindi zambirimbiri inu musakuchita kanthu, kawirikawiri imakhala hadi disiki yamakedzana, yozungulira ija, yomwe yalemedwa kapena yayamba kutha. Apo choyamba ndi kukopera mafayilo a makasitomala pa fulashi lero lomwe. Mukaona Memory yadutsa 90, thebulo ladzaza, zomwe zimachitika msanga pa makina a 4 GB mukatsekula masamba ambiri. Fani ikamalira ngati chigayo, kompyuta n'kumatentha, dziwani kuti fumbi la mumsika latseka mopitira mphepo, ndipo makina akatentha amadzichepetsera liwiro dala kuti asapse. Ndipo Network ikamaonetsa kuti katundu akulowa wambiri inu musanatsekule tsamba lililonse, onani dzina la pulogalamu yomwe ikukoka. Nthawi zambiri ndi Windows yomwe ikudzikonza yokha, ndipo ikamaliza imaleka.

Koma mu kontena yathu ija tiyerekeze kuti kalata yatsekuka msangamsanga, CPU ili pa 12, Memory pa 55, Disk pa 3. Kompyutayi ili bwinobwino m'thupi. Yatsala njira yake yopita ku rauta.

Apa pali kachida kaulere komwe kali kale m'kompyuta iliyonse. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe cmd, mudine Enter. Pa sikirini yakuda yomwe ituluke lembani izi:

```
ipconfig
```

Fufuzani mzere wolembedwa Default Gateway. Nambala ili pamenepo ndiye keyala ya rauta yanu. Pa marauta ambiri imakhala 192.168.1.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.8.1. Tsono lembani lamulo ili, muikepo nambala yomwe mwaipezayo:

```
ping -n 20 192.168.1.1
```

Zimene mwachita apa n'kutuma kamwana maulendo 20 kukagogoda pa rauta ndi kubwerera, inu mukuwerenga nthawi. Kamwanako sikatuluka m'shopu, ndiye kampani ya intaneti sikukhudzidwa, ndipo bandulo sidyeka. Chitani zomwezo pa kompyuta ina yomwe ikuyenda bwino, chifukwa nzeru yonse yagona pa kufananiza.

Pa kompyuta yabwino ya nthambo, mizere yonse 20 ionetsa time<1ms kapena time=1ms, ndipo kumapeto kulembedwa Lost = 0 (0% loss). Pa ya pafupi ndi chitseko ija, tiyerekeze kuti mizere ina yalembedwa Request timed out, ndipo kumapeto kwatuluka Lost = 6 (30% loss). Pa maulendo 20, maulendo 6 kamwana kasochera pakati pa kompyuta ndi rauta, mtunda wa mamitala asanu okha.

Mwina mufunsa kuti, nanga katundu akamatayika choncho bwanji intaneti siduka kotheratu? Chifukwa chake n'chakuti tsamba limabwera m'timaphukusi ting'onoting'ono. Kaphukusi kakatayika kamatumizidwanso, ndipo wotumizayo akaona kuti zinthu zikugwa m'njira amachepetsa liwiro. Zili ngati lole ya matumba a chimanga yomwe ikumaima pafupipafupi kutola omwe agwa. Ifika ndithu, koma madzulo.

Tsopano tagwira dera, koma wakuba sitinamugwire. M'dera limeneli muli zinthu zitatu: nthambo, bowo la pa rauta pomwe nthamboyo yalowa, ndi bowo la netiweki la pa kompyuta. Lamulo lake ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Zulani nthambo kumbuyo kwa kompyuta yodwala ndi kumbuyo kwa yabwino, muzisinthanitse, ku rauta osakhudzako. Bwerezani ping pa onse awiri.

Matenda akasamukira pa kompyuta yomwe inali yabwino, ndiye kuti ali mu nthambo kapena pa bowo la rauta. Chotsani nthambo yokayikitsayo pa rauta, muilowetse pa bowo lina. Ikatayabe maphukusi, wolakwa ndi nthambo. Ikasiya, bowo lija lafa, lisiyeni. Koma matenda akakhalabe pa kompyuta yoyamba ija ngakhale yapatsidwa nthambo yabwino, vuto ndi kachipangizo kake ka netiweki kapena pulogalamu yoyendetsa kachipangizoko. Apa mpomwe mmisiri akufunika, ndipo mupita mukudziwa chomwe mukukamuuza.

Mu kontena yathu, matenda asamuka ndi nthambo. Mukaitsata muipeza yaphwanyika pamene chitseko chachitsulo chimaipana m'mawa uliwonse. M'kati mwa nthambo yotere muli tiwaya 8 toonda, topotana tiwiritiwiri. Kamodzi kakathyoka pang'ono, n'kumagunda n'kumasiya, magetsi a pa rauta amayakabe ngati zonse zili bwino. Makoswe nawo amaikonda. Mankhwala ake ndi nthambo yatsopano yodutsa m'mwamba, kutali ndi chitseko. Mtengo wake sungafanane ndi wa kufufuta kompyuta yonse.

Kwa inu omwe mumagwiritsa ntchito wayifayi, njira ndi yomweyi, kungoti m'malo mosintha nthambo mumasintha malo. Manambala a ping pa wayifayi amakwererapo pang'ono, zimenezo si zodabwitsa. Koma akamalumpha kuchoka pa 3 kufika pa 400 ndi kumatayika, nyamulani kompyutayo muiike pafupi ndi rauta muyesenso. Ikachira, vuto linali malo. Malata, khoma la kontena ndi kabati yachitsulo zimatchinga wayifayi kwambiri, ndipo rauta yobisidwa pansi pa kauntala kuopa akuba imatumikira bwino okhawo omwe ayandikana nayo. Yeseraninso foni yanu pa malo a kompyuta yodwalayo: nayonso ikamavutika pomwepo, kompyuta ilibe mlandu.

Njirayi ili ndi malire ake. Vuto lobwera ndi kupita limatha kubisala pa maulendo 20, ndiye yesani pa nthawi yomwe kuchedwako kukuchitika, ndipo m'malo mwa 20 mulembe 100. Ndipo zikachitika kuti kompyuta ili bwino m'thupi, ping sinataye kanthu, koma masamba akuchedwabe pa iyo yokha, tsekulani tsamba lomwelo ndi pulogalamu ina yoonera masamba. Mwachitsanzo ngati mumagwiritsa ntchito Chrome, yesani Edge. Inayo ikathamanga, ndiye kuti yoyamba ija yadzaza ndi zoonjezera zomwe makasitomala akhala akuikamo.

Zonsezi sizitha mphindi 20 ndipo simulipira tambala. Manambala omwe mwapeza alembeni m'kope lomwe mumalembamo ngongole. Mmisiri akadzati "tifufute zonse," mudzamufunse mwaulemu kuti, "Achimwene, mwaona chiyani pa Task Manager, nanga ping yati bwanji?" Mmisiri weniweni adzakondwa ndi funsolo ndipo adzakuonetsani pa sikirini. Akayamba kukanda m'mutu, nyamulani kompyuta yanu ndalama zikadali m'thumba.