Musanalowane, werengani kaye zotsala pa fodya

Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma cha mu Epulo, kuno ku Kasungu chikondi chimaphuka ngati bowa. Mnyamata akangolandira za mabelo oyamba, njinga yamoto yagulidwa, ndipo mwezi usanathe mtsikana wanyamula zovala, alowana. Ine sindiletsa anthu kukondana. Changa n'chakuti musanasenze katundu, khalani pansi muwerengere limodzi ndalama zimene zimatsala onse oyenera kudula atadula, pakuti banja limadya zotsalazo.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa kwa Santhe wagulitsa mabelo khumi ndipo pepala la ku okushoni likuti K3,500,000. Chibwenzi chake chimangomva nambala imeneyi. Koma fodyayo analima pa kontilakiti, ndiye kampani imayamba yadula ngongole ya feteleza, mbewu ndi mankhwala ndalama zisanafike ku banki. Tinene kuti yatenga K1,400,000. Thiransipoti, msonkho ndi zodula zina za pamsika zadya K300,000. Anyamata amene anathandiza kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya akudikira K500,000 yawo. Mu Januwale, ufa utatha, anatenga katapila wa K200,000 woti abweze K400,000. Apa m'manja mwatsala K900,000.

Nkhani sinathe. Mayi ake kumudzi amalandira K30,000 pa foni mwezi uliwonse, kutanthauza K360,000 pa chaka. Mlongo wake wa ku sekondale amafuna K240,000 ya fizi ndi zina. Zatsala K300,000, ndipo fodya wina adzagulitsidwa chaka chamawa. Mukagawa pa miyezi 12, banja latsopanoli lili ndi K25,000 pa mwezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mnyamatayu sanalakwe pothandiza mayi ake. Vuto limabwera pamene mkazi adzazindikira zimenezi mu Febuluwale, ataona uthenga pa foni m'nyumba mulibe ndi mchere womwe. Pamenepo amayesa kuti apongozi akumudyera, pomwe chithandizocho chinayamba iye asanabwere. Zikananenedwa poyamba, akanagwirizana kuti mayi azilandira zingati, pa miyezi iti, nanga chaka chimene fodya wagwa mitengo azichepetsa bwanji.

Inunso amayi musabise zanu. Ngati munatenga ngongole ku banki m'khonde yoyambira geni ya tomato, nenani kuti yatsala zingati, chiwongoladzanja chake ndi chotani, ndipo gulu likugawana liti. Anzanu a m'gulu akabwera kudzalanda katundu safunsa kuti matiresi anagula ndani. Ngati muli ndi mwana amene munasiya kwa agogo ake ku Dowa, nenani zimene mumatumiza. Mwana si ngongole, komabe sopo ndi yunifolomu zake zimatuluka m'thumba lomwelo.

Pali funso limene ambiri amaiwala: kodi ngongole ya fodya ndi ya munthu mmodzi kapena ya kalabu? M'makalabu ambiri alimi amaimirana, moti mnzanu akagulitsa fodya wake kwa mavenda n'kuthawa ngongole, otsalanu ndi amene mumadulidwa. Ndiye mwamuna akhoza kulima bwino koma n'kubwerera chimanjamanja. Mufunseni kuti m'kalabu mwake muli ndani, ndipo chaka chatha anamaliza bwanji. Mupempheni akuonetseni mapepala ogulitsira fodya a chaka chatha, chifukwa zodula zimalembedwa pamenepo. Munthu amene amatchula mabelo okha koma mapepala akuti anataya chaka ndi chaka, muyambe mwadekha naye.

Ena amati nkhani zotere ndi za ankhoswe. Komatu olowana ambiri amakhala alibe ankhoswe, ndipo ngakhale alipo, amabwera moto utayaka kale. Lamulo nalo silithamangira kukutetezani. Lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuzindikira kukhalira limodzi ngati banja, koma pokhapokha anthuwo atakhala zaka zosachepera zisanu. Mukasiyana chaka chachiwiri, mkazi amene anapalira ndi kusoka fodya wolembetsedwa m'dzina la mwamuna adzavutika kusonyeza gawo lake.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mugule kope. Tsamba loyamba aliyense alembe ngongole zake, mwini ndalama ndi tsiku lobweza. Lachiwiri mulembe abale amene mumathandiza ndi ndalama zake pa chaka. Lachitatu mulembe katundu amene aliyense akubwera naye, komanso mmene mudzagawire za fodya amene mulime awiri. Muitane wamkulu mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi aone zimene mwalemba.

Nthawi yabwino yochezera zimenezi ndi Januwale kapena Febuluwale, pamene fodya akadali m'munda ndipo matumba ali pululu. Mu Meyi aliyense amaoneka bwana.