Musasamutse Wodandaula

Mlembi wadandaula kuti mkulu wa nthambi yake amamugwiragwira ndi kumuumiriza kugona naye. Sabata isanathe, kalata yatuluka: mlembiyo wasamutsidwira ku Nsanje "kuti mitima izizire." Abwana, kumeneku n'kulanga wodandaula!

Lamulo la Malawi la 2013 loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi limafuna kuti olemba ntchito aziteteza odandaula kuti asabwezeredwe choipa. Choncho mkuluyo ndiye asiye kuyang'anira mlembiyo mpaka kufufuza kutatha. Asasainirenso tchuthi chake, asalembenso za kagwiridwe kake ka ntchito. Wofufuza asakhale mnzake wa mkuluyo kapena womuopa. Amve aliyense payekha, aone mauthenga a pafoni, alembe chigamulo.

Mukasamutsa mlembiyu, mtsikana wodzalowa m'malo mwake adzagwiridwanso, koma sadzanena.