Randi ya ku Joni ikafika kumudzi imakhala makwacha angati?

M'midzi ya kuno ku Dowa ndi Ntchisi simungadutse makomo ambiri musanapeze banja lomwe lili ndi mwana, mlongo kapena bambo ku Joni. Ife amene timayendera odwala m'makomo timaona kuti mankhwala a agogo a kuthamanga kwa magazi, thiransipoti ya mayi woyembekezera, ngakhale soya wa phala la mwana, zambiri zimadikira randi. Chomwe chimatidandaulitsa n'chakuti mabanja awiri angathe kutumiziridwa ndalama zofanana ndendende tsiku limodzi, koma zofika m'manja n'kusiyana ndi makwacha okwana kugula sopo ndi mchere wa mwezi. Palibe amene waba. Zasiyana chifukwa cha njira yomwe ndalamayo yadzera ndi nthawi yomwe yatumizidwa.

Tiyambe ndi njira. Makampani otumiza ndalama alipo angapo, monga Mukuru, Mama Money, Hello Paisa ndi Western Union, ndipo iliyonse imalengeza reti yake, kutanthauza makwacha omwe ikupereka pa randi imodzi. Anthu ambiri amangofunsa kuti, "Lero reti ili pa zingati?" n'kuthamangira komwe nambala yakula. Koma kampani imadya pawiri. Imadula ndalama yotumizira, yomwe aliyense amaiona, komanso imadya pa reti pomwepo, popereka makwacha ocheperako kusiyana ndi momwe iyo yagulira. Ina imachepetsa chodula n'kufinya reti, ina imakometsa reti n'kukweza chodula. Choncho reti payokha sinena zonse.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione mmene zimayendera. Mnyamata wa kwa Malomo ali ndi R2,000 m'thumba, ndipo zonse, kuphatikizapo zotumizira, zichoke pomwepo. Kampani yoyamba ikupereka K100 pa randi koma ikudula R150. Zotsala ndi R1,850, ndipo mayi ake alandira K185,000. Kampani yachiwiri ikupereka K96 yokha pa randi koma ikudula R40. Zotsala ndi R1,960, ndipo mayi alandira K188,160. Ya reti yooneka yonyozeka ija ndi imene yapambana, ndi K3,160.

Tsopano mnyamata yemweyo wasunga kwa miyezi itatu ndipo akutumiza R6,000 ya fetereza. Ngati zodula zili zomwe zija, kampani yoyamba ipereka K585,000, yachiwiri K572,160. Zatembenuka: yoyamba yapambana ndi K12,840. Chifukwa chake n'chakuti pa ndalama yochepa chodula ndi chimene chimapweteka, pomwe pa ndalama yambiri K4 ya pa randi iliyonse ija imachulukana mpaka kuposa chodulacho. Makampani ena amadula motsatira kukula kwa ndalama, ndiye masamu ake amasinthanso. N'chifukwa chake sitingakuuzeni kuti kampani yakutiyakuti ndiyo yabwino nthawi zonse. Funso lofunika ndi limodzi, ndipo wotumizayo alifunse kumakampani awiri kapena atatu tsiku lomwelo: "Ndikapereka R2,000 yonse, kunyumba alandira makwacha angati?" Yankho limaoneka pafoni munthu asanavomereze kutumiza. Akagawa makwachawo ndi marandi onse omwe atuluke m'thumba, apeza reti yeniyeni. M'chitsanzo chathu choyamba chija, K100 yolengezedwa inali K92.50 basi, ndipo K96 inali K94 ndi kakobiri pamwamba.

Masamu satha ndalama ikalowa m'dziko. Kuno kumapiri, mtunda nawonso umadya. Ngati njira yomwe mwasankha ikufuna kuti mayi akatengere ndalama pa Mponela, pa Madisi kapena paboma, werengerani kabaza wopita ndi wobwerera, komanso tsiku lomwe sanagwire khasu. K3,160 yomwe tinapindula ija singakwane n'komwe ulendo wa njinga yamoto kuchokera kumidzi yakutali, makamaka nthawi ya dzinja misewu ikaterera. Ndalama yolowa pa Airtel Money kapena Mpamba imapulumutsa ulendowo, koma nayo ili ndi chodula potapa, ndipo kumapeto kwa mwezi maejenti a m'misika ing'onoing'ono amatha kukhala opanda ndalama zokwanira. Munthu amakakamizika kutapa kawiri kapena katatu, n'kudulidwa ulendo uliwonse. Ngati ndalamayo ndi ya fizi kapena ya kusitolo komwe amalandira malipiro a pafoni, kulipira mwachindunji osatapa kumasiya kenakake m'thumba. Ndipo pokatenga ndalama pakauntala, dzina lomwe wotumiza walemba lifanane ndi la pachitupa cha unzika. Taonapo amayi akubwerera chimanjamanja chifukwa mwana analemba dzina la kumudzi lomwe pachitupa palibe.

Reti imasinthasintha chifukwa chiyani? Kawirikawiri mtengo wa randi kuno umadzera pa dola ya ku America. Tiyerekezenso: dola ikakhala K1,700, ndipo ku Joni dola yomweyo ikugulidwa R17, ndiye kuti randi imodzi ndi K100. Randi ikafooka mpaka R19 pa dola, randi imodzi imatsika kufika pafupifupi K89, chikhalirecho kwacha sinasunthe. Tizidziwe zimenezi tisanayambe kuganizira mwana kuti wabisako zina, kapena kunena ejenti kuti watibera.

Kusintha kwakukulu kumabwera kwacha ikagwetsedwa mphamvu. Tonse tikukumbukira Meyi 2012, kenako Meyi 2022 pomwe Reserve Bank of Malawi inaigwetsa ndi 25 peresenti, ndi Novembala 2023 pomwe inalengeza 44 peresenti. Pa ulendo wa 2023, dola inachoka pa K1,180 kapena chapomwepo n'kufika pa K1,700. Ndalama yofanana ndi madola 100 yomwe ikanapereka pafupifupi K118,000 dzulo lake inapereka K170,000 mawa lake. Amene anamva zimenezi amaganiza kuti nzeru ndi kudikira, kuti mwina igwanso. Koma tione bwino yemwe analuza. Patangopita masiku ochepa mafuta a galimoto anakwera mtengo, ndipo katundu wa m'masitolo anatsatira. Banja lomwe linalandira K118,000 n'kugula fetereza sabata yomweyo silinaluze kwenikweni, chifukwa linagula pamtengo wakale. Banja lomwe linalandira K170,000 pambuyo pake linapeza mitengo itakwera kale kapena ikukwera. Amene anapsa ndi uja amene analandira makwacha kusanachitike, n'kuwasunga pafoni kapena pansi pa mphasa kudikira mvula. Makwacha ake anali omwewo, koma zomwe akanagula zinachepa.

Tsiku logwetsa kwacha salengezeratu, ndipo mphekesera za pamsika zimalephera nthawi zambiri kuposa momwe zimalondolera. Chomwe ife tingachidziwiretu ndi nyengo ya kwathu. Chimanga, mtedza, soya ndi nyemba zimatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo zimakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma. Kusiyana kumeneku kumakonda kukhala kwakukulu kuposa K3 kapena K4 yomwe munthu angapindule podikira reti. Motero ndalama ya chakudya cha chaka ndi bwino ifike nthawi yokolola, isanduke matumba, athiridwe mankhwala kapena aikidwe m'matumba osalowa mpweya. Ya fetereza ndi mbewu ifike mvula isanayandikire, anthu asanayambe kulimbirana m'masitolo. Ya fizi ifike sabata yolipira. Mwachidule, kwacha isagone nthawi yaitali: randi ikhale randi mpaka ntchito yake itapsa, ndipo ikasinthidwa igule chomwe inaitanidwira.

Apa pali chenjezo limodzi lomwe a kumudzi timaliiwala. Si onse a ku Joni amene ali ndi akaunti kubanki. Ambiri amasunga ndalama m'chipinda chomwe akugona anthu angapo, m'madera momwe umbava ndi moto si zachilendo. Kwa munthu wotere, kuunjika R6,000 kuti apindule K12,840 n'kuika pachiswe miyezi itatu ya thukuta. Kuli bwino azitumiza pang'onopang'ono ngakhale akudulidwa kangapo, kuno ife n'kumagula thumba limodzilimodzi.

Ndalama ya matenda ndiye sidikira reti ngakhale pang'ono. Mwana akatentha thupi usiku, kapena mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi, ola limodzi ndi lalikulu. Timalangiza mabanja kuti pa ndalama iliyonse yobwera azipatulako yokwana kubwereka galimoto kapena njinga yamoto mpaka kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ikhale pafoni ya munthu wokhala pakhomo nthawi zonse. Inde, ndalama imeneyo idzachepa mphamvu pakapita miyezi, koma ndi yokhayo yomwe tikuvomereza kuti igone. Chimodzimodzinso mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi ngati mumachita kugula: ndalama yake itumizidwe kudakali mapiritsi a sabata yathunthu, osati botolo litauma.

Sitingamalize osatchula njira yakuseri, chifukwa aliyense akuidziwa. Munthu amalandira marandi ku Joni, mnzake kuno n'kutumiza makwacha pafoni, pa reti yoposa ya makampani, nthawi zina moposa kwambiri. Chikoka chake n'chomveka pamene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Koma malamulo a dziko lino salola kusinthitsa ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo, ndipo zikavuta mulibe risiti, mulibe ofesi yokadandaulako. Zomwe zimachitika kawirikawiri n'zakuti maulendo awiri kapena atatu oyamba, a ndalama zochepa, amayenda bwino. Tsiku lomwe mwatumiza ya malata ndi lomwe foni imazima. Zizindikiro zimayamba kuoneka kale: ndalama kubwera m'zidutswa, kuchokera kumanambala osiyanasiyana, ndi mawu akuti "netiweki yavuta, dikirani mawa". Ena amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa. Musauze wa ku Joni kuti zafika musanaone nokha ndalama zomwe zili pafoni, poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, ndipo nambala yanu yachinsinsi isaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera kukampani.

Kanthu kena kakang'ono ka ife osunga Sabata: ambiri ku Joni amalandira malipiro Lachisanu madzulo. Ndalama ikatumizidwa nthawi imeneyo timakaitapa Lamulungu kapena Lolemba, pomwe maejenti ena atha kale ndalama ndi msika wa Loweruka. Ngati ndi ya chinthu cha tsiku lodziwika, monga sikelo ya mayi woyembekezera kapena ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital, pemphani kuti ichoke pa malipiro a sabata yam'mbuyo, ifike pofika Lachitatu kapena Lachinayi.