Dzina likakhala lopanda mwini pa makina, si ndiye kuti ndi lanu

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani, ambiri mukutsegula masamba a bizinesi pa Facebook, Instagram ndi X. Mukalemba dzina, makina n'kulilandira, mumaganiza kuti nkhani yatha. Ine ndikuti ayi. Makinawo amangoona ngati zilembozo, m'ndondomeko yomweyo, zinatengedwa kale. Saona ngati dzinalo lingasokoneze munthu.

Tiyerekeze kuti mwatsegula kagulu kobwereketsana ndalama ndipo mwasankha `@mpamba_thandizo`. Mpamba ndi mawu athu akalekale, ndipo agogo ankawanena foni isanabwere. Koma lero Mpamba ndi dzinanso la njira yotumizira ndalama ya kampani ya TNM. Mayi amene ndalama zake zasowa pa foni akaona dzina lanulo adzayesa kuti wafika ku ofesi yothandiza makasitomala, ndipo mwina adzakulemberani nambala yake yachinsinsi musanamufunse. Mukanakhala kuti mumalemba ndakatulo, vuto likanachepa. Dzina limasokoneza kwambiri ngati ntchito yanu ikufanana ndi ya mwini wake.

Choncho musanalitenge, lilembeni pa Google pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, kenako mulifufuze pa tsamba lililonse, ngakhale limene simukufuna kulowapo. Mufufuzenso mutachotsa madontho, manambala ndi kamzere kapansi, chifukwa anthu sakumbukira tinthu timeneti. Ngati ndi za malonda, bungwe la WIPO lili ndi Global Brand Database, pomwe mungafufuze mayina a malonda mwaulere, ngakhale kuti simuli mayina onse a padziko.

Koma mayeso amene ndimawakhulupirira kwambiri safuna intaneti. Tchulani dzinalo mokweza kwa mnzanu amene sanalionepo, mumufunse kuti tsambali ndi la ndani. Akatchula munthu wina kapena kampani, lisiyeni. Mulilembenso ndi kuliyang'ana pa foni: `I` wamkulu ndi `l` wamng'ono amaoneka ngati mapasa, ndipo `rn` patali amakhala ngati `m`. Ife amene timachonga makope a Fomu 1 timazidziwa bwino zimenezi!

Ena amati, "Koma ine sindikufuna kunamiza aliyense." Ndikuvomera, koma wowerenga saona mtima wanu, amaona dzina. Mu Novembala 2022, Twitter itayamba kugulitsa chizindikiro cha buluu pa madola 8 pamwezi, wina anagwiritsa ntchito `@EliLillyandCo` n'kulengeza kuti mankhwala a insulini tsopano ndi aulere. Kampani yeniyeni ya Eli Lilly inali pa `@LillyPad`, ndipo inachita kupepesa chifukwa cha uthenga womwe sinalembe. Dzina labodzalo linkamveka lenileni kuposa la eni ake. Uyo anachita dala, koma malamulo a masambawa amalola kutseka akaunti yosokoneza anthu, ndipo ikatsekedwa mumataya ndi makasitomala onse amene munawasonkhanitsa pamenepo.